Alamu Anasankha Chosasintha

Ku banki kuja palibe anandiitana, ndinangodziponyamo. Mchemwali wanga ndi amuna ake amapita kukasainira ngongole ya nyumba, ndiye ndinati anthuwa angapusitsidwe, ndiwaperekeze. Pajatu ndili ndi shopu ya matayala, za ndalama ndimati ndimazidziwa.

Mu ofesimo munali mipando iwiri ya alendo. Ine ndi mchemwali tinakhala, alamu n'kuima kukhoma chipewa chili m'manja.

Mayi a ku bankiwo anafotokoza mosathamanga. Chiwongoladzanja chosasintha n'chokwererapo, koma zolipira pamwezi sizisuntha mpaka zaka zimene mwagwirizana zitatha, ndipo mukafuna kubweza yonse msanga pamakhala chindapusa. Chosinthasintha chimayambira pansi, koma chimatsatira banki yaikulu: ikatsitsa mwapuma, ikakweza nanunso mwakwera nacho.

"Funso n'lakuti, zolipira zitakwera, malipiro anu angapirire?" anatero akuyang'ana alamu.

Ine pakamwa panga sipachedwa. "Aaa, mayi, chosinthasintha basi! Chinacho n'cha amantha, kulipira zambiri lero poopa mvula ya mawa. Awa musawaonere chipewa, anakwezedwa pantchito, ndi akuluakulu kudepoti ya mabasi."

Mchemwali anandiponda phazi. Ine ndinangoti ndi ngozi, n'kupitiriza kuti ngakhale chitakwera kawiri, awa sangamve n'kuyabwa komwe.

"Ndakwezedwa liti, alamu?"

Anafunsa motsitsa mawu, koma maso ali pa mkazi wawo. Mchemwali anazyolika, akupotokola lamba wa chikwama. Apo m'pamene ndinazindikira kuti nkhani yokwezedwa ija mchemwali anangoipeka kunyumba kwanga, pofuna kuti ndileke kuwaseka amuna ake. Kalanga ine!

Alamu anasendera patebulo. "Mayi, ine ndine makaniko, malipiro anga sasuntha. Tikachotsa za nyumba, za sukulu ndi chakudya, sipatsala kanthu. Chikakwera ngakhale pang'ono, tilephera kulipira, mudzatilanda nyumba ana ali momwemo. Tipatseni chosasinthacho."

"Mukudziwa kuti chikatsika kunjaku, inu simutsika nawo?"

"Ndikudziwa. Bola ndizigona tulo."

Mayiwo anatulutsa mapepala osandiyang'ananso. Ndinanyamuka kuti alamu akhale posaina, koma anakana, anasaina chowerama. Manyazi anandigwira mpaka ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Panja, poimika magalimoto, ndinafuna kukonza zinthu. Mchemwali anali patsogolo, akupukuta m'maso.

"Alamu, mukanangotenga chotchipacho. Chikanakwera, chapamwambacho ndikanamalipira ine."

Anavala chipewa chawo, n'kundiyang'ana kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo.

"Zikomo, alamu. Koma nyumbayo ikhale yanga, mukamabwera kudzacheza ndikufuna muzigogoda."

Ndinawatsegulira chitseko cha galimoto yanga, koma anagwira mkazi wawo dzanja n'kulunjika kokwerera basi.