Chipsera cha Alamu Anga

Kuyambira pa Ulongwe mpaka kusiteshoni ya Balaka, anthu akhala akunong'onezana kuti mtembo umene asodzi anavuula mu Shire Lachiwiri ndi wa alamu anga a Sufiyani, amuna awo a achemwali anga a Lukiya. Ati sanafike n'komwe ku Halale kumene ankapita kukafuna ntchito. Ati anawakankhira m'madzi ndi bambo anga a Chande, poti ndiwo anawaolotsa pabwato, ndiponso anali atakangana dzulo lake. Ine miseche ndimaikonda, koma uwu wokha sindinaukonde.

Apolisi anatenga bambo, ife n'kulondola mpaka ku Liwonde. Nkhope ya mtembowo inali itatupa, yosazindikirika. A Elliam, othandiza dokotala wachizungu, anatiletsa kulowa m'chipinda mmene munali mtembowo.

"Munene kaye zizindikiro musanaone," anatero. "Munthu wolira amavomera chilichonse chimene wamuonetsa."

Achemwali anatchula mphini zitatu pachifuwa, banga lakuda lobadwa nalo kumsana, ndi chipsera cha nkhwangwa pamsongolo. A Elliam analemba, n'kulowa ndi wapolisi.

Wapolisiyo anatuluka akumwetulira. "Mphini zitatu zilipo! Madala, ku Zomba chingwe chikukudikirani."

"Iyayi, taimani," anatero a Elliam. Anatembenukira kwa amuna amene anadzaonerera. "Amene munapitako ku Halale, tavulani malaya."

Anayi anavula. Atatu anali ndi mphini zomwezo, pamalo pomwepo! Kani sing'anga wa kwathu amatemera choncho aliyense wopita kutali.

"Nanga banga lija?" anafunsa wapolisi.

"Khungu lakumsana lada lonse ndipo likusupuka. Sindinganene kuti lilipo kapena palibe."

Chinatsala ndi chipsera. Mtembowo unali nacho kumwendo wamanja. Pepala la kwa kalaliki, lolembedwa pamene a Sufiyani ankatenga chitupa cha ulendo, linati kumanzere. Ndinayamba kupuma bwino, koma a Elliam anapukusa mutu. Ati kalaliki akayang'anizana ndi munthu, nthawi zina amalemba kumanzere kwa iye mwini.

A Elliam anafunsa achemwali kuti chipsera chili mwendo uti. Iwo anati kumanja, kenaka kumanzere, kenaka anangodzigwetsa pansi n'kumalira.

"Sofia ndiye analipo tsiku limene a Sufiyani anadzitema," anatero amayi. "Ndiye anamanga bala."

Maso onse pa ine. Zoona, ndinamanga ndi kansanza, magazi ali chuchuchu. Koma zaka zitatu zapitazo! Ndikatsinzina ndimaona mwendo uli pachitsa, osadziwa kuti ndi uti.

"Sindikukumbuka," ndinatero.

"Wayankha bwino, mwanawe," anatero a Elliam, n'kulemba kuti mtembo sunadziwike.

Koma bambo sanawamasule. Ati akhale m'chitokosi kufikira Bwana DC atandifunsa yekha Lolemba, nditalumbira. Amayi sakundiuza chonena, amangondiyang'ana. Ndikati kumanzere, mwina bambo abwera kunyumba. Ndikati sindikudziwa, kaya.

Inuyo, munthu amene mumadya naye tsiku lililonse, mungalumbire kuti chipsera chake chili mwendo uti?