Kabati ya Amayi Ake a Sjoerd

A Sjoerd Veenstra anaphunzitsa masamu ku sekondale ya kuno ku Schiedam, m'dziko la Holland, zaka 38, ndipo ngakhale atapuma pantchito sanaleke kuchonga zolakwa za anthu. Ine nyumba yanga inagundana khoma ndi yawo, choncho ndikudziwa zimene ndikunena.

Iwo ndi akazi awo a Tineke atatsimikiza zosamukira kuchilumba cha Curaçao, kutsidya la nyanja, kumene kuli mwana wawo wamkazi, kampani yosamutsa katundu inatumiza munthu kudzaona za m'nyumba. Anazungulira zipinda zonse n'kunena kuti pafunika kontena yaikulu, ya mafiti 40. A Sjoerd anangoseka. Anali atayeza kale chilichonse ndi tepi, mpaka choikapo maambulera.

"Kontena ya mafiti 20 m'kati mwake ndi mamita 5.90 m'litali, 2.35 m'lifupi, 2.39 kupita m'mwamba," anandiuza tili pampanda. "Ukachulukitsa, akukwana makiyubiki mita 33. Katundu wathu ndi 31. Ndiye yaikuluyo ndi yoti tinyamuliremo mpweya wa ku Holland?"

Lachiwiri m'mawa thiraki inadzaima pakhomo itabereka kontena yofiira. Dalaivala ananena kuti adikira maola atatu basi, chifukwa kudoko la Rotterdam salandira ochedwa. Kapitawo wa onyamula katundu anali Dursun, bambo wa mapewa aakulu amene wakhala akulongedza makontena zaka makumi awiri. A Sjoerd anamupatsa pepala lojambula bwino, chinthu chilichonse chili ndi malo ake ndi nambala yake.

Dursun analiyang'ana mwaulemu. "Bambo, 33 imeneyi imakwana mukamathira madzi kapena mchenga. Mipando ili ndi miyendo, njinga zili ndi mahandulo. Tikalongedza bwino kwambiri, mwina 28."

"Ndiye mulongedze bwino kuposa pamenepo," anatero a Sjoerd.

Nambala 1 papepalapo inali kabati ya zovala imene anasiya malemu amayi awo. Inali yathabwa lakuda, ya kalilole pachitseko, ndipo pamwamba inali ndi chisoti chosemedwa maluwa ndi mbalame. A Tineke anaipukuta Loweruka lililonse kwa zaka zambiri. Ine ndekha ndi amene ndinkadziwa kuti ankaitchula kuti bokosi la maliro.

Amuna anayi anaikweza mothyoka nayo misana pa thabwa lokwerera. Itafika pakhomo la kontena, chisoti chija chinagunda chitsulo cha pamwamba. Gu!

"Sizingatheke," anatero a Sjoerd. "Kabatiyi ndi 2.33. M'katimo ndi 2.39."

"M'katimo, inde," anayankha Dursun. "Koma khomo ndi 2.28. Chitsulo chogwira zitsekochi chimadya malo."

A Sjoerd anakwera okha ndi tepi yawo, anayeza kawiri, n'kutsika osayang'ana munthu. Kenako nkhope inawala. Anati ailowetse chogona, akaidzutse ili m'kati. Dursun anawafunsa kuti kabatiyo ndi yonenepa bwanji kuchokera kutsogolo kufika kumsana. Anati masentimita 60.

"Poidzutsa imayamba yaima chopendeka, ngodya ina pansi, ina kudenga. Inu ndinu aphunzitsi, tawerengerani."

Anawerengera kuseri kwa pepala lawo lomwe lija. Ndinaona khosi lawo likufiira. Panafunika masentimita 240 ndi theka, pamene denga limathera pa 239.

A Tineke anatuluka ndi khofi ndi keke ya maapozi, akuyenda mopepuka ngati mtsikana. "Pepa, Sjoerd," anatero ndi mawu achisoni chokonzera. "Amayi akanamvetsa."

Nthawi imeneyo Dursun anali akusisita chisoti cha kabati ndi zala, ndipo anaima pamalo ena n'kusuzumira. Anatsegula pakamwa kuti alankhule. A Tineke anamuyang'ana m'maso, n'kumuikira keke yachiwiri m'mbale, yaikulu kuposa yoyamba. Dursun anatseka pakamwa n'kuyamba kutafuna.

Koma a Sjoerd sanali munthu wogonja pamaso pa anansi, ndipo anansife tinali titadzaza m'mawindo. Analamula kuti kabati ipite chogona. Dursun anawachenjeza kuti ikagona chagada idya pansi mamita awiri ndi kanthu, ndipo pamwamba pa zitseko zakalezo ndi kalilole sangasanjikepo cholemera, koma mapilo ndi mabulangete basi. Malo ambiri angopita pachabe. China chachikulu chiyenera kutsala.

A Sjoerd anayendetsa pensulo papepala. "Sofa itsale."

Sofa yobiriwirayo a Tineke anaisankha okha chaka chatha, atayenda masitolo asanu ndi awiri. Chinali chinthu chokhacho m'nyumbamo chimene sichinachokere kwa akuchimuna.

"Sofa yanga siitsala."

"Tineke, masamu sanama. Kapena sofa, kapena kabati ya amayi."

Dalaivala analiza hutala pang'ono n'kuloza wotchi. Ola linali litatha, m'kontena mulibe ngakhale supuni. A Tineke anayang'ana sofa, anayang'ana kabati, anaika thireyi pansi.

"Chisoticho chimachoka," anatero motsitsa mawu.

"Wati chiyani?"

"Ndati chimachoka! Changokhala pa timitengo tinayi. Ukachikankhira m'mwamba chimazuka."

Dursun anachigwira uku ndi uku, ndipo chinazuka ngati chivundikiro cha poto. Masentimita 14 anachoka pomwepo. Kabati inalowa choimirira, bwinobwino, mpaka kukagunda khoma la kutsogolo.

"Wadziwa liti zimenezi?" anafunsa a Sjoerd.

"Tsiku limene ndinayamba kupukutako fumbi. Ukanadziwa nawe ukanakwerako kamodzi."

"Nanga bwanji unangokhala chete?"

"Ndinaiwala," anatero a Tineke. Dursun anatsamwa ndi keke.

Kuyambira pamenepo ntchito inathamanga, ndipo pepala lija palibe analiyang'ananso. M'kabati anadzazamo zofunda. Sofa anaikulunga n'kuiimika chamutu. Tebulo analimasula miyendo, mipando anaivundikirana iwiriiwiri, makatoni olemera pansi, opepuka pamwamba, mpaka kudenga, kenako malamba omangira kuti katundu asagwere zitseko sitima ikamavina panyanja. A Sjoerd ankangozungulira akuloza timipata: apa pangalowe buku, apo nsapato.

Zitseko zitatsala pang'ono kutsekedwa, panjira panali patatsala desiki ya a Sjoerd, njinga yawo, ndi makatoni khumi ndi anayi a mabuku a masamu ndi mayeso akale a ana amene panopa ali ndi imvi. Palibe anachita dala. Papepala lawo iwo eni anaziika kumapeto, kuti zikatsike poyamba.

"Titsitse kabati kuti izi zilowe?" anafunsa Dursun, nkhope ili phee.

A Tineke anatukula mutu mwachiyembekezo. A Sjoerd anayang'ana makatoniwo nthawi yaitali, kenako anayang'ana m'mawindo mwathu.

"Tsekani," anatero.

Dalaivala anakhoma chidindo chachitsulo pachitseko, nambala yake inalembedwa, thiraki inanyamuka kutatsala mphindi zisanu. A Tineke anakhala pa katoni imodzi n'kuyamba kuseka mpaka misozi. Amuna awo anadzakhala pambali pawo n'kudya keke yotsala ndi manja.

Njinga anandipatsa ine. Mabuku anandipempha kuti ndiwasungire kuchipinda cha kudenga kwa miyezi iwiri yokha. Papita zaka zitatu tsopano, ndipo a Sjoerd akaimba foni amayamba afunsa ngati denga langa silikudontha, kenako n'kufunsa za moyo wanga.