Soketi ya Alamu Anga

Ine ndine wamagetsi. Ukandionetsa chithunzi, maso anga sathamangira nkhope, amathamangira khoma.

Mlongo wanga Hanifa anali atagona masiku anayi m'chipatala pa Boma, mwana wake Shukuru ali pa diripi. Mwanayo akangotsegula maso, funso ndi limodzi: "Ababa abwera?" Ababa akewo, alamu anga a Lajabu, anatsanzika chaka chatha kuti akupita ku Joni.

"Akuti bwana wawakaniza, achimwene," anatero Hanifa, akundipatsa foni. "Koma atumiza chithunzi choti mwana aziwaona."

Ndinayang'ana. Munthu wanenepa, wakhala pa sofa, akumwetulira ngati wapambana mpira. Pambali pake foni ina ili pa chaja. Ndinakulitsa pa soketipo ndi zala. Aaa!

Ine ku Joni ndinakhalako zaka zitatu, musandinamize. Soketi zakumeneko mabowo ake ndi obulungira. Pulagi yakwathu kuno, ya mano atatu amakona, simalowa popanda adaputa. Apa soketi ziwiri zogundizana, ina chaja chalowa mwachindunji, inayo mabowo amakona ali poyera.

Ndinadziletsa. Soketi zoterezi zilinso ku Zambia ndi ku Tanzania, mwina anasuntha. Ndiye maso ndinapita nawo pa windo la m'chithunzimo. Magalasi a maluva, ndipo zitsulo zake zopinda ngati tsamba la chinangwa. Mapindidwe amenewo ndi a Justice wowotcherera pa msika, ndakhala ndikuwaona m'nyumba zambiri pano pa Boma.

Chinandimaliza ndi swichi ya pakhomo. Yakuda, pomwe zina zonse ndi zoyera, ndipo waya wake wadutsa m'paipi yokhota kuzemba felemu. Ndinaika ndine! Mwezi wa Febuluwale, m'nyumba ya lendi kuseri kwa msika. Zoyera zinandithera tsiku limenelo, ndipo mayi wobwereka nyumbayo anati ikani yomweyo, amuna anga sasankha.

Mtima unandiwira. Kuchoka pa bedi la mwanayo kukafika pa sofa imeneyo, wakabaza sangatuluke n'thukuta lomwe. Joni wake ameneyo!

Ndinamuuza Hanifa zonse panja pa wodi. Sanalire. Anamanga mpango, n'kusiya mwana ndi mayi wa bedi loyandikana.

"Tiyeni mukandionetse."

Titafika pa nyumba ya lendi ija, anatsegula chitseko ndi a Lajabu eni ake, ali chivesiti, kapu ya tiyi m'manja. Kumbuyo kwawo mayi wobwereka nyumba uja anasuzumira. Ine chibakera ndinali nditakunga kale, ndikunena zoona, ndimafuna mano awo pansi. Hanifa anandigwira mkono.

"Valani malaya, bambo a Shukuru," anatero, mawu ali pansipansi. "Za ine ndi inu zatha, tikamba ndi ankhoswe. Koma mwana uja mukamuuze kuti basi yachedwa pa boda, ndipo mukaoneke otopa."