Nambala Yachitatu ya Abambo

Loyce anatsika kombi pa Mzilikazi dzuwa litapendeka pang'ono, miyendo ikumuwawa. Anali ataimirira ku bekale chiyambire m'mawa, kulongedza buledi m'mapepala, ndipo ankadziwa kuti kunyumba kukumudikira zigubu zopanda madzi. Panali patatha masiku anayi mipopi ili youma. Mwezi wa Okutobala ku Bulawayo sumvera munthu chisoni.

Anapeza abambo ake, a Abednego, atakhala pampando pafupi ndi zenera, kamakina koyezera BP kali pamiyendo. A Abednego anagwira ntchito ya njanji zaka makumi atatu, monganso abambo awo amene anachokera ku Ntcheu kalekale. Tsopano maso onse awiri anali ndi ng'ala. Kawiri konse achipatala cha maso anawabweza pa tsiku la opaleshoni chifukwa BP inali itakwera, ndipo ulendo wachitatu tsiku lomwe anawapatsa linali Lachinayi la sabata yomweyo. Kamakinako anatumiza ndi Percy, mchimwene wake wa Loyce wa ku Joni, kuti aziyeza pakhomo n'kumalemba m'kope.

"Bwera undiwerengere," anatero a Abednego. "Ndikuona ngati yayamba ndi wani ndi ziro, koma maso angawa ndi abodza."

Loyce anaika chikwama pansi. Anawamanganso lamba pamkono, nawuika pa tebulo kuti ulingane ndi chifuwa, n'kudina batani. Kamakina kanalira, lamba anafufuma, kenaka anaphwa pang'onopang'ono.

"104 pamwamba, 66 pansi."

A Abednego anaseka, koma kuseka kwake kunali kopanda mphamvu. "Wamva? Ulendo uno sandibweza. Lemba, mwanawe, lemba ndi zilembo zikuluzikulu."

Loyce anatsegula kope. Kwa miyezi itatu ankalemba manambala atatu tsiku lililonse, chifukwa ndi atatu amene ankaoneka pa kagalasi. Koma amene ankawasamala anali awiri oyambawo, makamaka yapamwamba, poti ndi imene manesi ankaipukusira mutu. Yachitatu ankangoikopera ngati mwana wa sukulu wokopera za pa bolodi. Lero atailemba, bolopeni inaima. 118. Anayendetsa chala m'masamba am'mbuyo: 152, 90, 74. Kwina 148, 88, 70. Kwinanso 156, 92, 76. Nambala yachitatuyo sinafikepo ngakhale pa 80.

"Baba, mwayendayenda?"

"Ndipite kuti ine? Ndakhala pompano."

"Nanga m'mimba muja mwasiya?"

A Abednego anayang'ana kumbali. Anali atayamba kutsegula m'mimba dzana, atamwa madzi a pa mjigo wa kuseri kwa tchalitchi. "Zikuchepa," anatero. "Kasanu kokha lero."

Loyce anakhala pa mkono wa sofa. Thupi lonse linkamuuza kuti atseke kopelo, avule nsapato, agone ngakhale theka la ola. BP yatsika, abambo akondwa, palibe amene akufuula. Kwa miyezi itatu chimene ankapempherera chinali chomwechi. Koma anayang'ana milomo ya abambo ake, yomwe inali itauma n'kuchita ming'alu. Kenaka anadzuka, natuluka, n'kukagogoda khomo loyandikana nalo.

Mayi Abigail anali nesi pa kiliniki ya khonsolo mpaka pamene anapuma. Amayi awo anali a ku Dedza, abambo awo Mndebele, ndipo Chichewa chawo chinkatuluka chosakanikirana. Anabwera atavala patapata, m'manja muli thovu la sopo.

"Malume, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwino kuposa masiku onse. Muuzeni mwanayu asiye kudandaula. BP yanga lero ndi ya mnyamata."

Mayi Abigail anayang'ana m'kope, natsegula masamba awiri atatu. Anagwira dzanja la a Abednego pamfundo, maso ali pa wotchi yapakhoma, milomo ikuwerenga chamumtima.

"Makina sakunama. Mtima ukuthamangadi, ndipo ukumveka wofooka. Tiyeni tiyezenso."

Anadikira mphindi zingapo nayezanso. 102, 64, 120.

"Koma sisi," anatero Loyce, "ine ndimayesa mtima ukamathamanga ndiye kuti BP yakwera. Si paja amati matenda a kuthamanga kwa magazi?"

"Hayi, dzina limenelo ndi limene limasokoneza anthu. Izi ndi zinthu ziwiri. Yapamwambayi ndi mphamvu imene magazi akukankhira mitsempha mtima ukafinya. Yachiwiriyi ndi mphamvu yotsala m'mitsempha mtima ukamapumira, usanafinyenso. Yachitatuyi sikunena za mphamvu ayi, ikungowerenga kuti mtima wagunda kangati pa mphindi imodzi. Zikhoza kukwera limodzi, ngati munthu wakwiya kapena wathamanga. Koma ina ikhoza kutsika ina ikukwera."

"Ndiye zikatero?"

"Zikatero timafunsa kuti chachitika n'chiyani. Kukanakhala kuti ndi 104 mtima uli pa 70, munthu ali bwinobwino, sindikanathamanga. Koma munthu wa 150 wafika pa 104, mtima pa 120, akutsegula m'mimba, kunja kukutentha chonchi. Madzi achepa m'thupi, magazi achepa m'mitsempha. Mtima ukafinya kamodzi ukutulutsa pang'ono, ndiye ukufinya kambirimbiri kuti BP isagweretu. 104 imeneyi ikuoneka yabwino chifukwa mtima ukuigwirira ntchito yakalavulagaga." Anatembenuka. "Malume, mwakodza liti?"

"Funso lanji limenelo pamaso pa mwana?"

"Mwana wake wa zaka makumi anayi? Mwakodza liti?"

"M'mawa. Pang'ono."

"Imirirani. Loyce, agwire mkono winawo."

A Abednego anaimirira mwamphamvu ngati akufuna kuonetsa kanthu, koma nthawi yomweyo anatsamira pa phewa la Loyce. Anati m'maso mwada. Mayi Abigail anawagwiririra mkono wa lamba uja, nadikira pang'ono, nadina batani ali chiimire. 84, 56, 134.

"Akhazike pansi. Ayi, agoneke pa sofa, miyendo uyiike pa pilo."

Loyce anachita zimene anauzidwa. Mayi Abigail anamutuma kuti atenge lita imodzi ya madzi owiritsa, athiremo masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Madzi owiritsa otsala m'nyumbamo anali a m'ketulo basi, ndipo anangokwanira. A Abednego ankamwa pang'onopang'ono, akukwinya nkhope.

"Mapiritsi awo ali kuti?"

Loyce anabweretsa timapepala tiwiri ta ku kiliniki. Mayi Abigail anakhuthulira mapiritsi m'dzanja nawerenga, kenaka anayang'ana tsiku lolembedwa pa kapepala. Anawerenganso.

"Awa ndi a BP, awa ndi okodzetsa, ochotsa madzi m'thupi. Munalandira a mwezi wathunthu masabata awiri apitawo. Akanayenera kutsala theka. Malume, apa atsala asanu ndi anayi okha m'kapepala kalikonse."

Panja mwana wina ankakankha wilibala ya zigubu, ikulira kwiii, kwiii.

"Ndimamwa awiriawiri," anatero a Abednego pomaliza, maso ali kudenga. "Chiyambire Lachitatu lapitali."

"Baba!"

"Usandikalipire. Iwe sudziwa kukhala pa benchi kuyambira mbandakucha, osadya, kenaka kamtsikana kakuuze kuti khulu, agogo inu, pitani kunyumba, mubwere miyezi iwiri ikatha. Kawiri. Ndikufuna ndione nkhope ya mdzukulu wanga ndisanafe, osati chithunzithunzi."

Loyce anafuna kuyankha kuti pa benchipo anakhala nawo, maulendo onse awiri, ndipo maulendo onse awiri anachita kugwadira bwana wake kuti amupatse tsiku. Anangotola piritsi limene linagwera pansi.

"Lero musamwenso piritsi ngakhale limodzi mpaka adokotala akuoneni," anatero mayi Abigail. "Madzi a mcherewa ndi ongoyambira. Mukufunika dilipi, ndipo ayeze magazi aone impso. Loyce, tenga kopelo ndi mapiritsi onse. Ndikukaitana Nkosana abwere ndi galimoto."

Nkosana, mwamuna wa mayi Abigail, anawatengera kuchipatala chachikulu. Pa mzere panali anthu ambiri, ena atagona pa mabenchi. Nesi woyamba kuwayeza atamva kuti ndi odwala BP, anaona 100 pamwamba n'kunena kuti adikire. Loyce anamutsegulira kope, namusonyeza manambala a masiku onse, a lero atakhala, ndi a lero ataimirira. Anaika chala pa nambala yachitatu. Nesiyo anayang'ana kope, nayang'ana milomo ya a Abednego, nawatsina khungu la pa dzanja, lomwe linachedwa kubwerera. Anawalowetsa osadikiranso.

Botolo loyamba la dilipi litatha, mtima unatsika kufika pa 102, BP inakwera kufika 116. Lachiwiri litatha, mtima unali pa 88. Adokotala, mayi wamng'ono thupi wa maso otopa, ananena kuti impso zavutika koma zikuoneka kuti zibwerera, ndipo anawagoneka masiku awiri. Mapiritsi okodzetsa anawaimitsa kaye. Enawo anati adzayambiranso limodzilimodzi, BP ikayamba kukwera.

"Nanga Lachinayi?" anafunsa a Abednego.

"Lachinayi lino ayi, khulu. Thupi liyambe labwerera m'malo."

A Abednego anatembenukira kukhoma.

Anatuluka Lachitatu masana. Loyce anapita yekha ku chipatala cha maso kukafotokoza, ndipo anamulembera tsiku lina, la mu Januwale. Mapiritsi anayamba kuwasunga m'chikwama chake cha kuntchito, n'kumawasiyira a tsiku limodzi m'kasosala. Abambo ake anati akuwasunga ngati mkaidi.

Sabata yotsatira manambala anabwerera kwawo: 146, 86, 74. A Abednego atamva yapamwambayo anapumira m'mwamba.

"Tabwereranso pomwe paja."

"Sisi Abigail akuti Lolemba tipite ku kiliniki ndi kopeli, akaone ngati angasinthe mankhwala. Nthawi ilipo mpaka Januwale."

"Ndipo iwe upemphanso tsiku kuntchito."

"Ndipempha."

A Abednego anasisita pamene panadutsa lamba. Kenaka anati, "Percy ndiye amatumiza makina. Iwe ndiye umatumiza miyendo." Anafufuza dzanja la Loyce pa tebulo, nalipeza, naligwira pang'ono n'kulisiya. Loyce anatseka kope, napita kukawaphikira tiyi.