Nthabwala Yosowa Woyankha

Gerishomo Nampinga anamira m'nyanja ya Chilwa Lachiwiri pa 9 Epulo 2024, akuchokera ku chilumba cha Chisi komwe anakagula matemba. Thupi lake linapezeka m'mabango Lachinayi, ndipo anamuika tsiku lomwelo. Anasiya mkazi wake Christina, ana atatu, ndi munda wa mpunga womwe unatsala masabata atatu kuti ukololedwe.

Nkhani inali pamundapo. Christina kwawo kunali ku Songani, ndipo kwa Mwambo anabwera pachitengwa mu 2006. Malowo anali a mbumba ya mwamuna wake. Elenala, mlongo wa malemuyo, anali atanena kale kumanda, motsitsa mawu koma momveka, kuti munda wa amayi awo sungadyedwe ndi anthu a ku Songani.

Loweruka m'mawa, atatha kumeta, abale anakhala pansi pa mtengo wa mango kuti akambirane. Wotsogolera anali a Pearson, malume a malemu. Pambali pawo panakhala mwana wawo Makisoni, msuweni wa Gerishomo.

Asuweni amanyozana, ndipo palibe amawaletsa. Awiriwa ananyozana zaka makumi anayi. Makisoni akafika pakhomopo ankafuula asanatsike n'komwe panjinga: "Gerishomo, sunafebe? Ukangofa iwe, mkazi ndatenga, munda ndatenga!" Gerishomo ankayankha kuti, "Ndi khasu liti? Lako lija linachita dzimbiri usanalikhomere mpini." Christina ankaseka ali kuseri kwa nyumba. Lachinayi kumanda, Makisoni anatsanzira kayendedwe ka malemu, mimba patsogolo, manja kumbuyo, anthu mpaka anaseka misozi ili m'maso. Palibe anadandaula, chifukwa wonyozedwayo anali msuweni wake.

Christina anatuluka m'nyumba mutu uli mbee, nakhala pamkeka. Anthu onse anali zii. Makisoni sankatha kupirira bata lotere.

"Eee, taonani mkazi wanga wameta bwino! Basi zatheka. Mkazi ndatenga, munda ndatenga."

Palibe anaseka. Makisoni anadikira pang'ono, pamene kale pankabwera yankho la Gerishomo lija. Elenala anayang'ana a Pearson. A Pearson anayang'ana pansi, osamudzudzula mwana wawo.

Davie, mchimwene wa Christina, anaimirira.

"Ndiye mwagwirizana kale? Mwatiitanira chiyani?"

"Aaa, alamu, khalani pansi. Ine ndimangocheza."

"Mukucheza ndi ndani? Amene mumacheza nayeyo tamukwirira dzana."

"Funsani aliyense pano, mawu amenewa ndakhala ndikunena zaka zonsezi."

"Mumanena mwini wake ali moyo, ali ndi pakamwa. Lero mwanenera pabwalo, bambo anu oweruza ali pomwepo, mlongo wanga asanapukute misozi."

Makisoni anayesa kuseka kuti akonze zinthu. "Inunso a ku Songani, nthabwala mumagula pamsika kapena?"

Anangoonjezera moto. Davie sanali msuweni wake, ndipo sanadyepo naye mbale imodzi. Anavula chipewa chake n'kuchimenyetsa pansi.

"Achemwali, longedzani. Tikupita lero lomwe. Sindingakusiyeni kwa anthu ogawana mkazi ngati mbuzi."

"Akafuna kupita, njira ndi iyo," anatero Elenala. "Ife sitinathamangitse munthu."

Onse anadziwa tanthauzo lake. Christina akanachoka yekha nkhani isanagamulidwe, akanawerengedwa kuti wasiya munda mwa kufuna kwake, ndi mpunga womwe.

Christina sanadzuke. Analankhula kwa Makisoni, mawu osakwera.

"Alamu, zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndinkaseka mawu amenewa. Mukudziwa chifukwa chake? Sankanena ine. Munkanyoza iwowo, iwo n'kukubwezerani, ine n'kumangomvera. Lero mwanena ine. Ndikuyankheni chiyani? Ndikaseka, anthu ati ndavomera. Ndikakwiya, muti sindidziwa macheza."

"Mlamu, ine sindinaganize..."

"Simunaganize, eya. Bambo a ana awa ankayamba ayang'ana nkhope ya munthu asanaponye mawu. Inu mumayang'ana gulu."

A Pearson anaimitsa zokambirana kuti anthu apume.

Makisoni anapita kuseri kwa nkhokwe, kumene anakhala ola lathunthu. Atabwerera sanakhalenso pampando pambali pa bambo ake. Anakhala pansi, pafumbi, navula chipewa.

"Bambo, ndilankhule. Ndalakwa, ndipo sindinenanso kuti ndimacheza. Mkazi sindikufuna, munda sindikufuna. Koma pali chimene ndikudziwa. Munda uja unali tchire la mabango. Mu 2009 anaswa mphanje ndi Gerishomo ndi mlamu Christina, ine ndikuthandiza kumanga migula. Mu Januwale chaka chino, tili panjira ya ku Kachulu, Gerishomo anandiuza kuti akadzafa munda ukhale wa mkazi wake ndi ana. Ndinalipo ndekha."

Elenala anaseka, kuseka koyamba tsiku limenelo.

"Izinso ndi nthabwala?"

"Ayi, ndikunenetsa."

"Tidziwa bwanji? M'mawa munda unali wako, masana ndi wa Christina. Madzulo ukhala wa ndani? Iwe ndi achimwene munalankhulapo liti mawu enieni? Mwinanso iwo ankakuseka."

"Elenala, ndi maliro ano, sindinganame."

"Maliro wawakumbukira tsopano?"

Davie nayenso sanamuthandize. "Mboni yake imeneyi? Munthu woti khofi wa m'mawa asanazizire wasintha mawu?"

Makisoni anayang'ana bambo ake. A Pearson anati mawu a munthu mmodzi, amenenso waipitsa bwalo, sangathe nkhani ya malo. Anati akumanenso Loweruka pa 27 Epulo, abale ena a ku Mozambique atafika. Kufikira tsikulo palibe wololedwa kulowetsa chikwakwa m'mundamo.

Davie anakwera njinga yekha, atanena kuti abweranso ndi amalume awo. Christina anakana kupita naye. Sanatsanzikane bwino.

Lolemba m'mawa Christina anatsegula chitseko napeza kamtolo ka matemba ouma, kokulunga m'tsamba la nthochi, kali pakhonde. Panalibe munthu. Matayala a njinga anasiya mzere m'fumbi.

Anakazindikira. Gerishomo nthabwala yake ikamupweteka munthu sankapita kukafotokoza kuti ankatanthauza chiyani. Ankadzuka m'mamawa, kusiya matemba pakhomo pa munthuyo, n'kukhala sabata yathunthu osamuseka, mpaka mwini wakeyo ayambe yekha. Christina anamangapo timitolo totere kangapo ndi manja ake, ndipo kawiri timitoloto tinapita kwa Makisoni.

Sanakatole, sanakatayenso. Anakasuntha ndi phazi kuti nkhuku zisakafikire, n'kukavundikira ndi lichero. Kenako anatenga chitini cha miyala napita kumunda kukaingitsa mbalame.

Ali patali anamva chitini china chikulira. Makisoni anali pansanja ya Gerishomo, akukoka chingwe, mpheta zikuuluka. Atamuona anatsika, naima m'mbali mwa mgula chipewa chili m'manja.

Christina anamudutsa nakakhala kumapeto ena a munda. Mpunga unali utayamba kuwerama. Kunatsala masiku khumi ndi awiri kuti pa 27 pakwane, ndipo mboni inali yomweyo imodzi.