Mpweya wa M'jumbo

Rute ankagulitsa mandasi pageti pa sukulu ina ku Kasinje. Ndowa yake inkakhala yovindikira, ndipo ankatola ndi foloko, osati ndi manja. Koma jumbo ikamatana, ankauziramo mpweya kuti itseguke.

Tsiku lina mphunzitsi wina, a Hilary, anabweza jumboyo.

"Mayi, mwauziramotu umu. Si amuna anu aja amene akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu?" anafunsa mokweza, ana akumva.

M'mawa mwake ana ankangomudutsa. Anatsitsa mtengo kuchoka pa K200 kufika pa K100, akudziwa kuti sabweza ngakhale ya ufa ndi mafuta. Palibe anagula.

Atafika kunyumba anapatsa Tisunge, mwana wake wamkazi, mandasi awiri. Tisunge, wanjala chichokereni kusukulu, anabisa manja kumbuyo.

"Amayi, mwawapumira?"