Deti ya pa Diresi la Achemwali

Amayi atayamba kuona movutikira, anapempha chinthu chimodzi chokha: kuti chithunzi chakale cha banja chikulitsidwe, chiikidwe mu felemu, chipachikidwe pabalaza pomwe iwo amakhala tsiku lonse. Ankakhala kwa mwana wawo wamwamuna, woyendetsa malole, ndipo khoma lomwe ankanenalo linali la nyumba yake.

Ntchitoyo inagwera mwana wawo womaliza, yemwe aliyense ankangomutchula kuti Mzime ngakhale anali wamkulu kale. Mzime ankagwira ntchito pashopu ya fotokope pafupi ndi depoti ya basi. Sanali wolankhulalankhula. Pakhomo anthu akamakangana, iye ankapita kukatsuka mbale.

Chithunzicho chinali chimodzi chokha, chaching'ono ngati chikhatho. Malemu abambo ndi amayi anaimirira kumbuyo, Mzime ali kamwana m'manja. Achimwene ananjuta kutsogolo atakumbatira mpira. Kumanja, kumapeto kwenikweni, achemwali anakhala pansi atavala diresi la mizere yoyera ndi yobiriwira, dzanja lili pabondo. Ndipo pomwepo, pa diresilo ndi pa zala ziwiri, kamera inadinda deti ya manambala ofiira ngati makala a moto. Detiyo inalinso yabodza. Abambo sankatchera wotchi ya kamerayo, choncho zithunzi zawo zonse zinkati zinajambulidwa pa 1 Januwale.

"Manambala amenewa pakhoma panga ayi," anatero achimwene, atagwira chithunzicho ndi zala za mafuta a injini. "Akakula aoneka ngati nambala ya galimoto. Ungodula mbali ya kumanjayi basi."

"Kumanjako kuli achemwali," anatero Mzime chapansipansi.

"Nanga ndine ndinawauza kuti akhale pa deti?"

Alamu, akazi a achimwene, anayamba kuseka koma anadzigwira pakamwa. Aliyense m'chipindamo ankadziwa nkhani yake. Achemwali anathetsa banja ndi mnzawo wa achimwene wapamtima, ananyamula ana n'kupita kutali kukayamba ntchito yosoka. Kuyambira pamenepo achimwene analumbira kuti phazi la mlongo wawoyo silidzapondanso pakhomo pawo. Amayi anasiya kumutchula achimwene akakhala pafupi.

"Bwanji tidule m'munsi?" anafunsa Mzime. "Deti ichoka ndithu."

"Kuti ine nditsale mutu wokhawokha ngati nsomba ya pamsika? Iwe, usandiyambe."

"Ndiye ndingofufuta detiyo."

"Fufuta. Koma ndikaona chigamba ngakhale chaching'ono ngati nsabwe, tikudula. Zauve ine sindipachika."

Amayi ankangopinda ndi kupindula ngodya ya mpango wawo.

Kushopu, Mzime anadikira nthawi ya nkhomaliro makasitomala atachepa. Poyamba anaganiza zopukuta manambalawo ndi thonje la sipiriti, koma abwana ake, bambo wachikulire amene kale ankajambula zithunzi za maukwati, anamugwira mkono thonje lisanafike.

"Mwana iwe, ukufuna kupha anthu onsewa nthawi imodzi? Imeneyo si inki. Kamera inawotcha manambalawo pafilimu ndi kuwala, ali m'kati mwa chithunzi ngati mmene ilili mphuno ya abambo akoyi. Ukapukuta, uchotsa diresi ndi mwini wake yemwe. Ika pa sikana. Chenichenichi usachikhudzenso."

Anapukuta galasi la sikana, anachotsa fumbi pachithunzi ndi kansalu kofewa, n'kuchisikana pa mlingo wapamwamba kuti chikakula chisaoneke mabokosimabokosi. Anasunga fayilo yoyambayo payokha n'kutsegula kope. Mu pulogalamu yokonzera zithunzi munali chida chodzaza chokha: umangozunguliza pomwe sukupafuna, kompyuta n'kuganiza yokha zoikapo. Anazunguliza deti yonse, n'kudina.

Manambala anachokadi. Koma mizere ya diresi inapindika ngati yaledzera, ndipo zala ziwiri za achemwali zinasungunuka n'kukhala chotupa chimodzi. Tsoka lake, nthawi yomweyo achimwene anatulukira pakhomo la shopu kudzachita fotokope ya laisensi. Anasuzumira pasikirini.

"Eee! Dzanja limenelo ndi la munthu kapena la bakha? Ndinanena ine. Dula, mwana wa mayi anga, usadzivute."

Atachoka, Mzime anabweza zonse zomwe anachitazo, deti n'kubwerera pamalo pake.

"Kompyuta sidziwa kuti ilo ndi diresi," anatero abwana akutafuna chotokosera m'mano. "Iwe ndiye ukudziwa. Chita ndi dzanja, nambala imodziimodzi."

Anamuonetsa kuika leya, kapepala koonekera kokhala pamwamba pa chithunzi, kuti chilichonse cholakwika azifufuta popanda kuwononga zapansi. Anamuonetsanso chida chokopera: umatola kachigawo kabwino ka chithunzi n'kukadinda pomwe pawonongeka. Zotsalazo anamusiyira yekha.

Masiku otsatira, anzake akamapita kokadya, Mzime ankatsala pampando wake pakati pa makina a fotokope ndi mulu wa mapepala. Anazindikira msanga kuti kutola kutali n'kudzinamiza, chifukwa diresi linali lowala pabondo koma lakuda m'makwinya. Ankatola pafupi penipeni, pamzere womwewo, n'kuutsatira mmene unkakhotera pamwendo, wobiriwira pa wobiriwira, woyera pa woyera. Akatola malo amodzi kawiri katatu, kadontho kamodzi kankabwerezeka ngati mapazi a nkhuku, ndiye ankasinthasintha potolapo. Burashi yakuthwa m'mbali inkasiya malire, yofewa kwambiri inkasiya chifunga. Anapeza yapakati.

Zala ndizo zinamutulutsa thukuta. Nambala yomaliza inaphimba mfundo za zala ziwiri. Anakulitsa mpaka chala chimodzi chinadzaza sikirini, n'kumanga m'mphepete mwake pang'onopang'ono kuchokera ku khungu la chala chomwecho, mthunzi wa pakati pa zala n'kuusiya mbali yomwe dzuwa linausiya. Anali asanayang'anepo dzanja la achemwali nthawi yaitali chonchi. Chikhadabo cha chala chachikulu chinali chodyedwa. Anaseka yekha, chifukwa nayenso amadya chomwecho.

Atamaliza anaitana abwana. Iwo anavala magalasi, anakweza kusiyana kwa kuwala ndi mdima mpaka chithunzi chinaoneka choopsa, n'kuloza ndi chotokosera chija.

"Taona. Manambala wachotsa, koma utsi wake watsala."

Zinali zoona. Kuzungulira pomwe panali deti panatsala kufiira kofuwa, chifukwa kuwala kuja kunkafalikira kunja kwa manambala. Mizere yoyera inaoneka ngati yathiridwa tiyi. Mzime anaika leya ina yosintha mtundu wokha osakhudza mizere ndi makwinya, anatola kuyera ndi kubiriwira kwa diresi pomwe kufiirako sikunafike, n'kupaka mopepuka mpaka utsiwo unatha.

"Nanga tsopano?" anafunsanso abwana aja.

"Pasalala kwambiri. Chithunzi cha filimu chili ndi timchenga take paliponse. Apa pokha pali ngati pakhungu la khanda. Achimwene akowo angakhale ndi mutu wouma, koma maso ali nawo."

Anathira timadontho tochepa pamalo okonzedwawo, akuyerekeza ndi mbali ina ya diresi, mpaka timchenga tinafanana kukula. Kenako anapurinta ngodya yokhayo pa saizi yeniyeni ya felemu, anatuluka nayo panja padzuwa, anaiyang'ana pafupi, anaiyang'ana atatambasula mkono. Anapatsa mayi wogulitsa maambulera pakhonde la shopu kuti apeze pomwe pakonzedwa. Mayiyo analoza udzu wa pachithunzipo, osati diresi.

Loweruka masana Mzime anafika ndi felemu yokutidwa m'nyuzipepala. Anaitsegula patebulo la pabalaza. Amayi anasendeza mpando, nkhope n'kuifikitsa pafupi ndi galasi, ndipo chala chawo chinayenda kuchokera pa abambo, kudutsa pa mpira, mpaka kumapeto kumanja. Chinaima pamenepo.

Achimwene ananyamula felemuyo n'kupita nayo pawindo. Anaipendeketsa uku ndi uku. Anayatsa tochi ya foni dzuwa lili phwee.

"Apa. Apa pada."

Mzime anatulutsa kachithunzi kakale m'envelopu n'kukaika pambali pake. "Umenewo ndi mthunzi wa bondo, achimwene. Uliponso apa."

"Ndiye apa."

"Deti sinafike pamenepo."

"Bambo a ana, mwatsala pang'ono kunyambita galasilo," anatero alamu.

"Iwe khala chete." Achimwene anaika felemuyo patebulo mwamphamvu. "Komabe chikanaoneka bwino chitadulidwa. Chatalika kwambiri m'mbali. Sichikugwirizana ndi khoma."

Mzime anacheuka. Kukhitchini kunali mbale zosatsuka, ankaziona pakhomo. Sanapiteko.

"Munati chigamba. Chigamba palibe. Ngati pali china chomwe simukuchifuna pachithunzipa, chitchuleni dzina amayi akumva. Deti musainamizirenso, yapita."

Achimwene anamuyang'ana ngati mpando walankhula.

"Wayamba liti kundiyankha iwe?"

"Lero."

"Chabwino. Ukufuna ndinene? Munthu ameneyo pakhoma la nyumba yanga sakhalapo. Khomali ndinamanga ndine. Msomali sulowa."

Mzime anali atakonzekera za mizere, za zala, za timchenga. Za khoma sanakonzekere.

Amayi anatambasula manja onse awiri. "Tandipatsa kuno."

Mzime anawapatsa. Felemuyo inali yaikulu, inawafika pachibwano. Anaiimika pamiyendo pawo, chithunzi chitayang'ana kukhomo lolowera, n'kuikumbatira kumbuyo.

"Khoma ndi lako, mwana wanga, sindikukanira," anatero. "Miyendoyi ndi yanga."

"Amayi, musachite zachibwana. Anzanga a kuntchito akubwera masana ano."

"Abwere. Andipeza pompano ndi ana anga onse atatu."

"Nanga mudya bwanji, amayi?" anafunsa alamu, maso akuwala ndi kuseka komwe ankakubisa.

"Mundidyetsa. Ndinakudyetserani mwamuna wanuyu mpaka anafika apa."

Panja panamveka hutala, kenako mawu a amuna akuseka pageti. Achimwene anayang'ana pawindo, anayang'ana amayi, anayang'ananso Mzime. Mzime anakoka kampando n'kukhala pafupi ndi amayi, dzanja limodzi n'kuchirikiza ngodya ya felemu kuti isawalemere.

"Odi, odi kuno!" anafuula mmodzi wa alendowo.

"Lowani, ana anga!" anayankha amayi mokweza, achimwene asanatsegule pakamwa. "Lowani mudzaone banja langa."